Zolengeza alamu ya moto ikalira pa loji yathu ya ku Mchinji

Awa ndi mawu amene wa pa risepushoni aziwerenga pa sipika, kapena pa chimkuzamawu cham'manja chija magetsi akazima. Awerenge mofatsa osathamanga, poti muno mumagona anthu a ku Chipata, a ku Mozambique, madalaivala a mathiraki olankhula Chiswahili komanso azungu, ndiye amene samva Chichewa amangomvera kamvekedwe ka mawu basi, mukanjenjemera naye anjenjemera.

Alamu ikangoyamba kulira

Alendo athu nonse, chonde tamverani. Alendo athu nonse, tamverani. Belu mukulimvali ndi la moto ndipo si zoyeserera ayi. Dzukani, dzutsani amene mwagona naye, valani nsapato mutuluke panja panopa. Musathamange, muziyenda ndithu, nthawi yoti tonse tituluke bwinobwino ilipo. Zikwama zisiyeni. Tikudziwa ambiri mukuwoloka boda mawa ndiye mtima uli pa pasipoti, ngati ili pafupi pompo itengeni koma ngati ndi yoti muyambe kufufuza m'chikwama isiyeni, ya mapepala tikathandizana kunja.

Musanatsegule chitseko chikhudzeni kaye ndi kuseri kwa dzanja. Ngati chili chozizira tsegulani pang'onopang'ono, tulukani, mukatuluka chitsekeni koma osakiya, chitseko chotseka chimachedwetsa moto ndi utsi. Tsatirani zikwangwani zobiriwira zija za munthu akuthamanga ndi muvi. A zipinda 1 mpaka 10 tulukirani khomo lalikulu la ku risepushoni. A zipinda 11 mpaka 18 zam'mwamba tsikirani masitepe akumbuyo, gwirani chitsulo cham'mbali, osadzera kukhitchini chifukwa kuli masilinda a gasi. Tonse tikakumana pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi geti.

Kwa amene samva Chichewa

Inu amene mukundimva, amayi, abambo, achimwene, tithandizeni. Mukaona mnzanu wangoima pakhomo akudabwa ndiye kuti sanamve, musayambe kumufotokozera zambirimbiri, mukodoleni ndi dzanja, mulozereni muvi wobiriwira, muyende naye limodzi. Ogwira ntchito athu avala majekete achikasu ndipo ali ndi matochi, komwe tochi ikuloza ndi komwe kuli njira. Wa jekete amene ali pa masitepe amalankhula Chingerezi ndi Chitumbuka, mlonda wa pa geti amamva Chipwitikizi, ndipo uthenga womwewu ubwerezedwa m'Chingerezi ndikangomaliza.

Ngati m'khonde muli utsi

Alendo athu, m'khonde lam'mwamba muli utsi. Musaope. Utsi umakwera m'mwamba, mpweya wabwino uli pansi, ndiye gwadani muzikwawa, dzanja limodzi likhudze khoma mpaka mufike pa masitepe. Ana agwireni dzanja, khanda liikeni pachifuwa osati kumsana. Magetsi tazimitsa dala ife, si kuti zafika poipa, tsatirani matochi.

Ngati chitseko chanu chatentha kapena utsi wachuluka moti simukuona njira, musatsegule, khalani momwemo. Nyowetsani thaulo kapena chitenje mutseke mpata wa pansi pa chitseko, pitani pa windo muzikupiza nsalu kapena kuyatsa tochi ya foni, ifeyo tikuzungulira nyumba yonse kuyang'ana mawindo ndipo tikuonani. Amene simungathe kutsika nokha, agogo, odwala, amayi oyembekezera, zipinda zanu tikuzidziwa, akubwera anthu awiri kudzakutengani. Chovala chikagwira moto musathamange, gonani pansi muzigubuduka. Ndipo chonde chonde pasapezeke wothira madzi pa mawaya kapena pa mafuta ophikira amene akuyaka, moto umangokula, zozimitsa zisiyireni ogwira ntchito.

Pa mtengo wa mango

Zikomo kwambiri, mwachita bwino. Tsopano imani mabanja pamodzi, ndiitana manambala a zipinda ndipo mukamva yanu kwezani dzanja, wa jekete azionetsanso nambalayo papepala kuti amene samva aione. Ngati pali amene munali naye koma simukumuona tiuzeni ife pompano, musabwerere nokha kukamufuna. Aliyense asalowenso mkati, ngakhale kukatenga foni kapena makiyi. Madalaivala musadzutse galimoto, geti likhale lopanda kanthu kuti othandiza alowe, apolisi ndi achipatala tawaimbira kale. Amene wapsa kapena akubanika ndi utsi abwere kuno kutsogolo, pamene papsa tithirapo madzi ozizira kwa mphindi 20, osapakapo mafuta kapena mankhwala otsukira mano.

Zikatha

Alendo athu, moto wazima ndipo nyumba yayenderedwa yonse. A zipinda zapansi mutha kubwerera pang'onopang'ono. A zipinda zam'mwamba dikirani kaye pomwepa, tikubweretserani mabulangete ndi tiyi, wa jekete aziperekeza mmodzimmodzi kukatenga katundu, kenako tikupatsani zipinda zina.