Kwa Amake Chisomo, pa Tsiku Lokwanitsa Zaka 50

Bangula, 14 Okutobala 2025

Amake Chisomo,

Sabata yatha ana anandifunsa kuti ndakukonzerani chiyani pa tsiku lanu lobadwa, ndipo ndinawayankha kuti chitenje ndagula kale pa msika wa Nchalo. Chisomo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati chitenje chimasuluka chikachapidwa kangapo, ndipo anandikumbutsa kuti chibadwire chake sanandimvepo ndikukuthokozani pamaso pa anthu. Mawu amenewo anandisowetsa tulo, chifukwa mwanayo sananame. Ife amuna a m'chigwa muno tinaleredwa kuti kuyamikira mkazi pagulu n'kudzichotsa ulemu, ndipo ine ndinatsatira mwambo umenewo mokhulupirika kuposa mmene ndinatsatirira malangizo ena abwino amene ankhoswe anatipatsa mu 1997.

Choncho ndinabwereka kope la Tadala, n'kumakhala pakhonde madzulo aliwonse inu mukuganiza kuti ndikuwerengera ngongole za mbewu. Sindine mlakatuli, ndipo ena mwa mawuwa ndawakoka ndi chingwe ngati mbuzi yokana kulowa m'khola kuti agwirizane kumapeto kwa mizere. Ndinafuna kuti ndakatuloyi ikhale ya mizere inayi yokha, yoti ikwane pa kakhadi, koma zaka zimene takhala limodzi zinakana kupanikizidwa chotero. Ndiiwerenga ndekha madzulo ano, abale a ku Ngabu akafika, ndipo ndikupemphani kuti musandidule mawu ngakhale manyazi akugwireni.

Lero mwakwanitsa zaka 50, amake Chisomo, mkazi wanga,
ndipo ndaima pamaso pa abale kuti ndinene za mumtima mwanga.
Munabadwa mu Okutobala, mwezi umene dzuwa limaswa mtengo,
ndipo mwina n'chifukwa chake simuopa kuuma kwa nyengo.
Ndinakuonani koyamba pa msika wa Ngabu mukugulitsa bwemba,
ndipo ndinagula milu itatu, kalata ndisanayambe kulemba.
Munandiwerengera chenji mosamala, osadzutsa nkhope, osaseka,
ndipo ndinadziwa pomwepo kuti m'manja otere chuma sichitayika.

Tambala asanalire kachiwiri, inu mumakhala mutadzuka kale,
mwasesa bwalo, mwakoleza moto, mwatsuka miphika ndi mbale.
Mumapita ku mjigo nyenyezi zisanazime kumwamba,
pakuti kuno wotunga madzi mwamtendere ndi wofika moyamba.
Pamene ine ndikutsegula maso, phala limakhala litapsa,
ndipo anawo mumawadzutsa ndi dzanja, osati ndi mawu oopsa.
Sindinakumvenipo mukuwerengera munthu ntchito zimene mwagwira,
ngakhale mapazi anu atang'aluka ndi fumbi lotentha la m'njira.

Usiku wa mwezi uno, kutentha kukatithamangitsira pabwalo,
mumapachika neti ya mwana aliyense musanadzipezere malo.
Mabowo ake mumasoka masana ndi ulusi wa thumba la feteleza,
ndipo udzudzu wa m'dambo umangozungulira, polowera osapeza.
Mtsuko wa pakona sunaumepo, madzi ake amakhala ozizira,
ndipo wapaulendo amamwa kaye musanamufunse za njira.

Nkhokwe ya pakhomo pano ndinu mumaidziwa kuya kwake,
ndipo mumayeza ufa kuti mwezi uliwonse ukhale ndi gawo lake.
Chimanga chikakana, monga chimachitira kawirikawiri kuno,
mumasinja mapira ndi mchewere mutamanga chitenje m'chiuno.
Nsima yake imafika pamphasa yotentha, ndiwo zili pambali,
ndipo ana amadya osadziwa kuti njala siinali patali.
Ndinazindikira mochedwa, ndipo ndikuvomera ndi manyazi,
kuti masiku ena munkatigawira zonse, inu n'kugonera madzi.
Ndikakufunsani, munkayankha kuti mwadyera kale kumoto,
ndipo ine ndinkakhulupirira ngati munthu wa m'maloto.

Mu Januwale 2015, pamene Shire ndi Ruo anasefukira,
madzi analowa m'nyumba usiku, agalu akuuwa, ana akulira.
Ine ndinathamangira wailesi ndi njinga, mutu utazungulira,
inu munabereka Tadala, n'kusenza mbewu ya chimanga ndi mapira.
Munakulunga m'pepala la pulasitiki mabuku a kuchipatala ndi makope,
n'kutitsogolera kumtunda, madzi m'chiuno, miyendo m'matope.
Ku sukulu kumene tinagona milungu ingapo pakati pa khamu,
munasamala ana athu pamodzi ndi ana amasiye a mlamu.
Madzi ataphwa, anthu ambiri analibe choti adzale,
koma mbewu munasenza ija inabiriwira m'dimba ngati kale.
Munagawirako anansi pang'onopang'ono m'kapu yomwera tiyi,
ndipo ena ali pano amene sanaiwale mphatso yaing'ono iyi.
Wailesi yanga ija, ndinene poyera, sinalirenso mpaka lero,
koma mbewu yanu imabwererabe chaka ndi chaka m'lichero.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa khoma la kuchipinda,
ndipo mchenga unakwirira thonje ndi chitowe m'minda.
Ine ndinakhala pa chitsa masiku atatu, manja ali m'masaya,
ndikuganiza kuti zonse tinakhetsera thukuta tazitaya.
Inu simunandinyoze, simunandilalikire, simunaitane ankhoswe,
munangotseka pogumukapo ndi mphasa, kuopa mphepo ndi makoswe.
Tsiku lachinayi munatsamiritsa khasu pa bondo langa,
ndipo ndinamva ulaliki wonse popanda liwu, mkazi wanga.

Nyengo yodula nzimbe ku Nchalo ikatha, ine n'kubwerera,
ndalama yanga imatha msanga ngati fumbi louluzidwa ndi mwera.
Koma inu muli ndi mfundo pansonga ya chitenje chanu,
imene simasuka wamba, ngakhale wopempha akhale mwamuna wanu.
Lachinayi lililonse mumapita ku banki m'khonde ndi kabuku,
mutagulitsa masau, malambe, zitumbuwa kapena nkhuku.
Kuchokera m'kabuku kameneko Chisomo anamaliza sekondale,
ndipo Madalitso anagula zida zaukalipentala, ngakhale zakale.
Malata ali pamwamba pathuwa anayamba ndi mbuzi imodzi,
imene munakana kugulitsa ngakhale m'maso muli misozi.
Alendo akayamikira nyumbayi, inu mumaloza kwa ine,
ndipo ndakhala ndikulandira ulemu umene mwini wake sindine.

Malungo atagwira Madalitso pakati pa usiku wa mvula,
munamubereka mpaka kuchipatala, mwana wamkulu, osapumula.
Mayi anga atakalamba, maso awo atachita khungu,
munawasambitsa ndi kuwadyetsa zaka zitatu, mboni ndi Mulungu.
Iwo amene poyamba ankati mpongozi wawo ndi wosayankhula,
anatsikira kuli chete dzanja lanu atalifumbata, osalifumbatula.

Mkwiyo muli nawo, ndisaname pamaso pa abale ndi anansi,
koma sufika pamsewu, umathera pa mthiko ndi pa munsi.
Mumadikira kuti ana agone, nyali itatsala pang'ono kuzima,
ndipo mumanena mawu awiri okha, olasa mpaka mumtima.
Chaka chimene ndinamwera ndalama ya thonje kumsika,
munandisungira chinsinsi, ngakhale mumtima munavutika.
Munangoika patsogolo panga yunifolomu ya Chisomo yong'ambika,
ndipo kuyambira pamenepo, pa mowa phazi langa silifika.

Anthu amakamba za Shire chifukwa cha ukali wake wa dzinja,
pamene amagumula magombe ndi kubalalitsa mabanja.
Ine ndimaganiza za Shire wa chilimwe, woyenda mosapokosera,
amene amanyowetsa madimba pansi pa nthaka, mbatata n'kumera.
M'madambo a ku Chiromo palibe amamuthokoza pa ntchito yake,
koma msodzi ndi mlimi aliyense amadya za m'manja mwake.
Zaka 28 mwayenda chotero pakhomo pano, mwakachetechete,
kuyambira tsiku lija m'tchalitchi ndinakuvekani mphete.

Tsono lero, amake Chisomo, ndikupempha chinthu chimodzi chokha,
kuti musayandikire kumoto, muwasiye ana aphike okha.
Chisomo wapha nkhuku, Madalitso wakupangirani mpando,
Tadala watunga madzi, ndipo wabisa munsi ndi mtondo.
Mpandowo tauika pamthunzi wa nimu, pafupi ndi khola,
ndipo ndiwo zaphikidwa mmene mumakondera, zothira tsabola.
Nthutumba, imene mwakhala mukundisungira chikwatirane,
lero ili m'mbale yanu, ndipo chonde musakane.
Mulungu akuonjezereni zaka, akupatseni mawondo olimba,
kuti muone zidzukulu zikuthamanga pabwalo pano ndi kuimba.
Ndikudziwa kuti ndisanamalize mudzaponya maso kukhitchini,
pakuti mumati mphika wa pamoto sumvera wina koma mwini.
Khalani pansi, mayi, nsima ikapserera tidya yopsererayo,
ndipo mawa m'mawa ndine ndidzakweche miphikayo.

Ine mwamuna wanu,
Bambo a Chisomo