Chisomo ndi mpando wokwera wokha

Chisomo anali ndi zaka 6 ndipo dzino lake lakutsogolo linkagwedera. Mayi ake atati mawa tikaonane ndi adokotala a mano, mchimwene wake Yamikani basi kuyamba zomuopseza, akuti kumeneko amakumangirira pampando nkukuzula mano onse ndi pulayala. Usiku umenewo Chisomo ndi nsima yomwe sanadye bwino.

M'mawa mu minibasi yochokera ku Ndirande anangoti zii, dzanja lili pakamwa. Atafika ku chipatala anadikira pabenchi, kenako nesi anaitana dzina lake, mtima uli thi thi thi.

Mpando uja unali pompo pakati pa chipinda, waukulu, wabuluu, pamwamba pake pali getsi. Chisomo anauyang'anitsitsa uku ndi uku kufuna zingwe zomangira zija koma panalibe ngakhale chimodzi.

"Bwera mwanawe, usaope," anatero adokotala, mayi ovala magulovu ndi kansalu kotseka pakamwa. "Mpandowu umakwera wokha, ukufuna uwone kaye usanakhalepo?"

Anaponda pansi, mpando uja vuuu nkukwera, kenako nkutsika pang'onopang'ono, Chisomo mpaka kuseka osafuna.

"Tigwirizane chinthu chimodzi. Ukangokweza dzanja, ine ndisiya pompo. Wamva?"

Chisomo anakwera, amayi ake atamugwira mwendo. Mpando utayamba kugonera chagada iye dzanja m'mwamba msangamsanga, ndipo mpando unaimadi. Anapuma kaye, nkutsitsa dzanja yekha.

"Pitirizani adokotala."

Anamuonetsa kagalasi kakang'ono kokhala ndi mpini ngati supuni ya tiyi, anakagwiranso yekha, kanali kozizira basi osati kakuthwa. Getsi lija linkathobwa m'maso ndiye anatsinzina nkuyasamula kuti aaa, adokotala akuwerenga mano limodzilimodzi mpaka 20.

"Eee koma taonani mayi, kumapeto kuno kukutuluka lina la 21. Limeneli ndi la akuluakulu, limamera popanda lina kuguluka ndiye makolo ambiri salidziwa, koma silidzameranso kachiwiri. Mswachi uzifika mpaka kumeneko, m'mawa ndi usiku pokagona, mankhwala otsukira mano ochepa ngati nsawawa imodzi. Maswiti ndi mafilizesi pang'ono chabe, wamva Chisomo?"

"Nanga logwederali muzula?" anafunsa ndi mawu aang'ono.

"Ayi, limenelo liguluka lokha, linzake likulikankha pansi. Likaguluka ukaliponye padenga."

Anamupatsa madzi m'kakapu kuti achukuche nkulavulira m'kabeseni kapambali, basi zatha. Amayi anatenga chikwama kuti azipita koma Chisomo osatsika, wagwira mpando uja ndi manja awiri.

"Adokotala, mungaukwezenso kamodzi kokha? Ndikufuna ndikamuuze Yamikani kuti ndinafika pafupi ndi getsi."

Adokotala anaseka nkupondanso, vuuu.