Kamtengo ka Yamikani

Lole inazima kachitatu atangodutsa pa Phalula, dzuwa lili paliwombo, kumbuyo kuli matumba 300 a simenti omwe anapakira mmamawa ku Makata. A Mbewe anangoikokera pambali, kutsika, kuuza Yamikani aike miyala kumatayala ndi masamba pamsewu.

Foni yabwana ku Limbe inalira kawiri. "Makaniko ali ku Mwanza, mudikire mawa." Basi kudula.

Mawa? Pa M1 ndi simenti ya eni ake, usiku wonse? A Mbewe anakhala pamthunzi wa lole nkuvula kapusi.

"Madala, ndi batire imeneyi," anatero Yamikani.

"Batire yake iti? Sitata ikuzungulira ngati chigayo iwe ukuimva. Khala chete ndiganize."

Ndiye anayamba kuyankhula okha monga amachitira akapanikizika. Injini ya dizilo ilibe mapulagi, imangofuna mpweya ndi mafuta basi, zina zonse ndi nkhani. Mpweya ukamachepa utsi umatuluka wakuda bii, koma apa utsi kunalibe, lole imangofooka pang'onopang'ono ngati munthu wanjala, ukaponda moto osayankha, kenako zii. Geji ya kutentha ili pamalo pake, oyilo alipo. Ndiye kuti dizilo sakufika. Koma dizilo atha bwanji poti athira fulu pa Zalewa pomwepa?

Fyuluta? Anasintha okha Loweruka ku Ndirande ndi manja awo, komanso fyuluta yotsekeka siichira chifukwa choti mwaipumitsa. Apa mpomwe mutu unaima. Galimotoyi ikapuma mphindi khumi, kupopa kapampu kapamanja kaja, imalira bwinobwino ngati sinalakwe kanthu. Chinthu chothyoka sichidzilumikiza chokha. Ndiye chikuchira nchiyani ikamapuma?

Anatola kamwala nkulemba pansi. Koyamba inazima patali ndithu kuchoka pa Zalewa, anatsegula thanki kuviika ndodo kuona mafuta, itadzuka inayenda mtunda wabwino. Kachiwiri sanatsegule, anangodikira nkupopa, inangoyenda mwina makilomita 2 nkugonanso. Anayang'ana mizere iwiri ija nthawi yayitali, kenako anayang'ana thanki.

"Yamikani bwera. Ika khutu apa."

Anapotokola chivindikiro pang'onopang'ono, chinali cholimba ngati wina akuchikoka mkati. Fyuuu! Thanki inakoka mpweya mpaka chitsulo kulira kuti gu.

"Wamva? Ulendo woyamba uja inaliranso chonchi koma kunkadutsa basi, sindinalabadire. Ukamayamwa maheu m'botolo osasiya mpata pakamwa chimachitika nchani?"

"Botolo limafinyika, maheu osatuluka."

"Eya. Pampu ikukoka dizilo, mpweya wolowa mmalo mwake palibe, zimakokana mpaka pampu kugonja. Ikapuma kampweya kamalowa pang'ono mmbali mwa chivindikiro, ndiye imanamiza ngati yachira. Thanki ili ndi kapaipi kopumira, tikaone chatseka nchani, mwina matope."

Analowa kunsi chagada, phula likuwotcha msana, kutsata kapaipi kaja ndi chala. Sanapeze matope. Anapeza kamtengo kosemedwa bwinobwino, kokulungidwa ndi jumbo, kokhomeredwa mwaluso ndithu. Anatuluka nako mmanja osayankhula.

Yamikani anali atayamba kale kukanda mutu. "Madala mundikhululukire. Pa Zalewa paja inu mutapita kogula chipisi ndinaona dizilo akudontha pamenepo, thanki itadzadza kwambiri. Ndiye ndinati bwana akayeza akapeza wachepa azati taba, mwezi watha anandidula kale 20 sauzande ya dizilo yemwe sindinamuone nkomwe."

A Mbewe anatsegula pakamwa kuti akalipe koma mawu sanabwere, chifukwa nkhani yodulidwa ija nawonso inawakhudza, yawo inali 50. Anangoti mxii.

"Kapope pampu. Usasiye mpaka ilimbe."

Anamasula kabawuti kapamwamba pa fyuluta, thovu linatuluka kaye kenako dizilo woyera, anamanga. Kukwera, kiyi kamodzi, kawiri, injini inakhosomola nkugwira. Anaisiya ilire kaye, mnyamata akuchotsa miyala ndi masamba.

Anadutsa makilomita 2 aja onse ali chete, makutu ali ku injini. Anadutsa 10. Pofika pa Chingeni lole ikukoka ngati yatsopano, foni inaliranso.

"A Mbewe, ndapeza makaniko wina wa ku Balaka koma akufuna ndalama zambiri, vuto ndi chani kwenikweni?"

Yamikani anawayang'ana ndi maso opempha. A Mbewe anaponya kamtengo kaja pa dashibodi, nkusintha giya.

"Musavutike bwana, tikuyenda. Anali matope."