Amake Ujeni, Ndibwezereni Mbaula Yanga

Pepani abale, ndikudziwa kuti nkhani imene mukukambirana pano ndi ina. Kaya ndi ukwati, mafuno abwino, mukhale mpaka imfa. Kaya ndi maliro, pepani, Ambuye akutonthozeni. Kaya ndi mpira, woimbira uja anatidyera, ndinaona ndi maso anga. Kaya mukugulitsa nsapato za salaula, ine ndimavala saizi 6. Koma chandibweretsa pano ndi chimodzi, ndipo sindichoka mpaka mwini nkhani amve.

Amake ujeni, ndibwezereni mbaula yanga.

Dzina lanu sinditchula, poti ine ndinaleredwa bwino, ndiponso ndimaimba kwaya. Koma mukudzidziwa. Inu amene munkakhala chitseko chachitatu kuchokera pa mpopi, ku Mtendere, pa yadi ija inali ndi mtengo wa mapapaya umene sunaberekepo. Inu amene mumati mukaseka mumamenya mnzanu paphewa. Eya, inuyo. Musapitirire, bwererani muwerenge.

Linali Lamlungu, pa 12 Febuluwale 2012. Tsikuli sindingaliiwale, ndipo Zambia yense sangaliiwale, kungoti ena amalikumbukira chifukwa cha chikho, ine ndimalikumbukira chifukwa cha mbaula. Munabwera masana mutavala chitenje chobiriwira, munaima pakhomo, munati odi. Ndinati lowani. Munati ayi sindilowa aneba, ndathamanga, sitovu yanga yafa mbale imodzi, ndibwerekeniko mbaula ndiphikepo nyemba, ndibweza mpira ukatha. Mawu anu enieni amenewo: mpira ukatha.

Amake ujeni, mpira unatha. Anasewera mphindi 90 ku Libreville kuja, osagoletsana. Drogba anaponya penate yake kumwamba. Anawonjezera mphindi 30, osagoletsanabe. Anapita ku mapenate, Mweene anagwira imodzi, Sunzu anamenya yomaliza, 8 kwa 7, chikho chathu. Tinatuluka usiku womwewo opanda nsapato, tinavina mumsewu mpaka fumbi, ine ndi inu tinakumbatirana pafupi ndi kantemba, munalira misozi paphewa langa. Ndinati mumtima, lero ndi tsiku lachisangalalo, za mbaula ndifunsa mawa. Anyamata aja anakwera ndege, anafika kuno, tinawalandira, ena anakalamba, anasiya mpira, ena tsopano ndi makochi. Nyemba zanu zokha ndi zimene sizinapsebe.

Mwina ena mukuganiza kuti ndikunena mbaula wamba, zija za malata opyapyala zimene zimabooka pansi dzinja limodzi lisanathe. Ayi. Yanga inali ya chitsulo cha dilamu, yopangidwa ndi mdala wina wa ku Kalingalinga amene ankaboola mabowo ndi dzanja, limodzilimodzi, akuimba nyimbo za kwawo. Chogwirira chake chinali cha waya wokhuthala, chopindika pang'ono kumanzere chifukwa mlamu wanga anachiponda ndi wilibala. Malasha ochepa, a m'kapulasitiki kamodzi, inkapsetsa nsima, ndiwo, madzi osamba a bambo, n'kutsalabe moto wowotchera mbatata ya ana. Ndinaigula K35,000, ndalama zakale zija, boma lisanachotse maziro atatu mu 2013. Onani, ngakhale kwacha inasintha, inaonda, inakhala yatsopano. Mu 2025 atulutsanso mapepala ena, mpaka ya K500. Ndalama zasintha nkhope kawiri, inu mtima osasintha ngakhale kamodzi.

Musanene kuti sindinafunse. Ndinatuma mwana, munati ikadali yotentha. Ndinatumanso mwana, munati mwaikapo thobwa. Ndinabwera ndekha, munazimitsa wailesi n'kukhala chete m'nyumba, koma patapata zanu zinali pakhomo ndipo fungo la kapenta linkatuluka pawindo. Kapenta wa ku Siavonga, wokazinga ndi anyezi. Pa mbaula yanga. Ndinaima pamenepo ndikununkhiza chakudya chimene moto wanga unkaphika, osaitanidwa ngakhale kulawa.

Kenako inayamba kuyenda. Apa ndiye mumvetsere, chifukwa mbaula imeneyi yaona Lusaka kuposa ine mwini wake. Munati apongozi anu aitenga ku maliro ku Chawama. Ndinati chabwino, maliro salandirana mlandu, anamfedwa adye. Maliro anatha, munati yapita ku phwando la mkwatibwi ku Matero. Ukwati umenewo unachitika, unabala ana awiri, unatha ku khoti, katundu anagawana, mbaula yanga inagwera mbali ya mwamuna. Ine osaitanidwa ngakhale kukhala mboni. Chaka china mwana wa mchemwali wanga anaiona ikuwotcha chimanga pafupi ndi Kulima Tower, anaizindikira ndi chogwirira chopindika chija. Ndinakwera minibasi, ndinatsika mu tauni, ndinayenda Cairo Road yonse, ndinadutsa ku City Market mpaka ku Soweto, ndikuwerama pa mbaula iliyonse. Amayi ogulitsa anayamba kubisa katundu poganiza kuti ndine wa khonsolo. Ndinagula chimanga chowotcha kwa anthu osawadziwa kuti ndione bwino pansi pake, mpaka nsagwada zinatopa. Ndinabwerera ndi mimba yotupa, manja opanda kanthu.

Kumva kwina, akuti inakwera basi pa Intercity, inawoloka Luangwa, inafika ku Katete, inakaphika pa Kulamba ku Mkaika mwezi wa Ogasiti. Ine Mchewa weniweni, wobadwira kum'mawa konko, ndakhala ndikulephera kupita ku Kulamba chifukwa cha ndalama ya basi, koma mbaula yanga inakaona Gule Wamkulu. Inakhala pafupi ndi mafumu a maiko atatu. Mwina pano ili ndi pasipoti.

Inu munasamuka usiku. Ndinadzuka m'mawa n'kupeza chitseko chili pululu, alandilodi akusesa. Munasiya tsache lothothoka, botolo la mafuta lopanda kanthu, ndi kalendala ya chaka chapita. Ndinafunsa alandilodi, kodi mbaula asiya? Anandiyang'ana n'kunena kuti mayi, ine andithawira ndi lendi ya miyezi iwiri, inu mukulira mbaula? Ndinati bambo, aliyense alire maliro ake.

Chiyambire tsiku lija, a Sata anatisiya, a Guy Scott anagwirizira, a Lungu analowa, a Hichilema analowa. A Kaunda anapita mu 2021 osamva kuti nkhaniyi yatha bwanji. Amanga milatho yodutsa pamwamba ku Makeni, ku Arcades, ku Munali. Bwalo la ndege lili ndi nyumba yatsopano. Atsikana athu a mpira anafika ku chikho cha dziko lonse mu 2023. Mwana uja ndinkamutuma kwanu ali ndi ndevu, akufuna kukwatira, ndipo akuchikazi akufunsa ngati banja lathu lili ndi katundu. Ndiwayankhe chiyani? Kuti tinali ndi mbaula koma ili paulendo?

Tsono 2024 ndiye munandionetsa. Mvula inakana, madzi anatsika ku Kariba, malaiti ankabwera pakati pa usiku ngati mfiti n'kuchoka tambala asanalire. Lusaka yense anabwerera ku malasha, ndi a ku Kabulonga omwe, ndi mabwana a matayi omwe, aliyense akupepera moto ndi chivundikiro cha poto. Nthawi imene mbaula inali mfumu ya nyumba, ine ndinali kuphika pa njerwa zitatu kuseri kwa bafa, utsi uli m'maso, aneba atsopano akundijambula. Ndinkati ndikayang'ana kumwamba usiku, ndinkadziwa kuti penapake mumzinda uno, kaya ku Kanyama, kaya ku Chipata Compound, kaya ku Garden, pali munthu akudya nsima yotentha chifukwa cha thukuta langa.

Ndikudziwa zimene muyankhe, chifukwa mumayankha zomwezo nthawi zonse. Wina anena kuti amayi, ingogulani ina. Mwana wanga, ndinagula. Ndagula zambiri. Nkhani si kusowa mbaula, nkhani ndi yakuti mbaula ijayo ndi yanga. Wina anena kuti khululukani, ndinu Mkhristu. Ndinakhululuka kalekale, pamaso pa abusa, ndi misozi. Munthuyo ndinamukhululukira, koma mbaula sinalakwe kanthu, ibwere kwawo. Wina anena kuti pano inadyeka ndi dzimbiri. Bweretsani dzimbirilo m'thumba, ndilizindikira. Wina anena kuti kupatsa n'kuika. Ine sindinapatse, ndinabwereketsa, ndipo ngati ndinaika, ndabwera kudzatenga. Wina afunsa kuti kodi zikukhudzana bwanji ndi nkhani ili pamwambayi. Zikukhudzana. Chilichonse chikukhudzana. Keke ya ukwati mukuiyamikirayo, mukudziwa kuti mpunga wa alendo unaphikidwa pa mbaula ya ndani?

Ndipo inu amake ujeni, ndimakuonani. Zithunzi mumaika, tsitsi latsopano mwezi ndi mwezi, mawu a m'Baibulo m'mawa uliwonse. Tsiku lina munalemba kuti Mulungu akubwezereni zonse zimene adani anakulandani, ine ndinayankha kuti amen, nanga mbaula, inu munanditsekera. Ndinalowa ndi foni ya mwana wanga, munatsekeranso. Pano ndikulemba ndi foni ya mlamu wanga, yemwe uja wa wilibala, ndipo mabando ndagula a mwezi wathunthu ndi ndalama ya chilimba.

Sindikufuna ndewu. Sindikufuna chiwongoladzanja, ngakhale kuti tikanati tiwerengere nsima iliyonse imene yapsa pamenepo, bwenzi mukundimangira nyumba ku Chalala. Ngati mukuchita manyazi, musabwere masana. Ikani pakhomo usiku, gogodani kamodzi, thawani. Galu ndimumanga. Kapena mupatseni kondakitala aliyense wa minibasi ya ku Mtendere, mungoti ya amayi a mbaula, onse akundidziwa, ena amandichotsera mtengo chifukwa cha chisoni. Phulusa musachotse, ndikufuna ndione zimene mwakhala mukudya.

Inu ena nonse, musangoseka n'kupita. Kopani uthengawu, muuike paliponse pamene pasonkhana anthu: pa nkhani za ndale, pa zotsatira za mayeso a giledi 7, pa chithunzi cha mwana wobadwa kumene, pa malonda a mapuloti. Wina anauwerenga osaukopa, nsima yake inakhala yosapsa sabata yonse. Wina anaseka n'kunena kuti amayiwa ndi amisala, mawa lake aneba anamubwereka ayironi, mpaka lero akupita ku ntchito ndi malaya okwinyika. Wina anaukopa kakhumi, mlamu wake anamubwezera K200 ya mu 2019 popanda kukumbutsidwa. Sankhani nokha.

Mlandu suola, amake ujeni, ndipo ine ndimamwa mankhwala anga a BP pa nthawi yake, sindikupita kulikonse.

Komanso tsiku lomwelo munatenga mthiko.