Kusanja mafunso okambirana m'kalasi: phunziro la ophunzira uphunzitsi a chaka chachiwiri

Aphunzitsi anzanga a mawa, kwatsala masabata ochepa kuti mupite m'masukulu a ku Kanyama, ku Matero ndi ku Chawama kukayeserera kuphunzitsa. Tikadzabwera kudzakuonani, tidzamvetsera kwambiri mafunso amene mukufunsa ana. Lero tigwire ntchito imodzi yokha: kutenga mafunso osakanikirana ndi kuwasanja molingana ndi kuganiza kumene funso lililonse likufuna kwa mwana.

Masanjidwe amene tigwiritse ntchito anachokera kwa Benjamin Bloom wa pa yunivesite ya Chicago ndi anzake mu 1956. Mu 2001 Lorin Anderson ndi David Krathwohl anatsogolera gulu limene linawakonzanso, ndipo ndi amenewa amene titsate. Masitepe ake ndi 6: kukumbukira, kumvetsa, kugwiritsa ntchito, kusanthula, kuweruza, ndi kupanga chatsopano. Mu 1956 kuweruza ndiko kunali pamwamba penipeni. A mu 2001 anakutsitsa n'kuika kupanga chatsopano pamwamba. Mukapeza mabuku awiri akusiyana pamenepa musadabwe.

Mutu wathu ndi kolera, giredi 6. Ndausankha chifukwa ana a mu Lusaka akuudziwa ndi maso. Kumayambiriro kwa 2024 masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale, ndipo bwalo la masewera la Heroes linasanduka malo ogonekapo odwala. Nawa mafunso, ndawasokoneza dala:

1. N'chifukwa chiyani tiyenera kuwiritsa madzi akumwa?
2. Pa lita imodzi ya madzi timathira masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere. Mng'ono wako akutsegula m'mimba usiku, ndipo botolo limene lilipo ndi la theka la lita. Uthira zochuluka bwanji?
3. Tchulani zizindikiro ziwiri za kolera.
4. Kutsekedwa kwa masukulu nthawi ya kolera kunathandiza ana kapena kunawapweteka? Perekani zifukwa.
5. Mabanja awiri amatunga pa chitsime chimodzi. Banja lina linadwala, lina ayi. Ndi zinthu ziti zimene mungafufuze m'nyumba ziwirizi?
6. Fotokozerani mwana wa giredi 1, m'mawu anuanu, mmene kachilombo kamachokera m'chimbudzi n'kufika m'kamwa mwa munthu.
7. Pasukulu pathu mpope umauma masana. Konzani njira yoti ana onse azisamba m'manja asanadye, popanda kugula chinthu chodula.
8. Kodi kolera ndi yoipa?

Khalani atatuatatu, mphindi 10, lembani sitepe pambali pa funso lililonse. Zimene zili m'munsizi muwerenge mukamaliza.

Funso 3 ndi la kukumbukira, funso 6 ndi la kumvetsa, palibe mkangano. Funso 2 ndi la kugwiritsa ntchito: muyezo wapatsidwa, koma mwana ayenera kuutengera pa botolo lina n'kupeza masupuni 3 a shuga ndi kota ya supuni ya mchere. Funso 7 ndi la kupanga chatsopano, malinga ngati simunawaonetse kale chigubu chopachika pamtengo chija chopondera ndi phazi. Ngati munawaonetsa dzulo, lero angokujambulirani chomwecho.

Mawu akuti "malinga" amenewa akutifikitsa pa funso 1, pamene ndikufuna tichedwepo. Ambiri a inu mwaliika pa kumvetsa, ena pa kusanthula, chifukwa likuyamba ndi "n'chifukwa chiyani". Koma taganizani: Lolemba munalemba pa bolodi kuti "timawiritsa madzi kuti tiphe tizilombo toyambitsa matenda", ana n'kukopera m'makope. Lachiwiri mwafunsa funso 1, manja ali m'mwamba kalasi yonse, yankho likubwera liwu ndi liwu monga munalembera. Mwanayo wachita chiyani m'mutu mwake? Wakumbukira, basi. Funso lomwelo mukalifunsa musanaphunzitse, mutangowaonetsa madzi oyera mbee a m'chitsime n'kuwauza kuti munthu anadwala atamwa, limasanduka funso loganizitsa. Choncho sitepe ya funso simuipeza pongoyang'ana mawu oyambira. Muyenera kudziwa zimene ana anamva kale, ndi ntchito imene yatsala kuti aigwire okha. Ndikudziwa kuti muli ndi timapepala tija tondandalika aneni pansi pa sitepe iliyonse: tchulani, fotokozani, yerekezani, weruzani. Timathandiza polemba chikonzero cha phunziro, koma timanamiza. "Yerekezani kolera ndi malungo" ndi funso la kukumbukira ngati tebulo loyerekezalo lili kale pa tsamba la buku.

Funso 5 ndi la kusanthula, ndipo kwa ine ndilo labwino koposa onse pa kukambirana. Mwana ayenera kugawa nkhaniyo m'zidutswa: madzi amasungidwa m'chiyani, chidebe chili ndi chivundikiro kapena ayi, amatunga ndi kapu yomwe amamwera, amathira klorini, chimbudzi chili pati, ndani anadya ku maliro kapena kumsika. Kenako aone kuti ndi chidutswa chiti chimene chingafotokoze kusiyanako. Mwana wa ku Kanyama, amene amaona madzi a mvula akudzaza zimbudzi zokumba n'kusefukira m'njira, ali ndi zambiri zonena pano kuposa zimene zili m'buku. Musiyeni anene.

Pa funso 4 ndi funso 8 pali msampha. Onse awiri akuoneka ngati ofuna maganizo a mwana. Funso 8 silifuna chilichonse. Kalasi iyankha "eee" mokokera pamodzi ndipo nkhani yatha. Lichotseni, lilibe sitepe yoyenera kuliikapo. Funso 4 ndi la kuweruza chifukwa mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo: kusukulu ana amathithikana pa zimbudzi zochepa, koma kunyumba ena ankasewera m'madzi omwewo a m'ngalande ndipo maphunziro anatsalira. Kuweruza kumafuna muyezo. Mwana akati "kunathandiza", mufunseni kuti akuyeza ndi chiyani, moyo, maphunziro kapena ndalama za makolo. Akapanda kutchula muyezo, wangonena chimene akukonda.

Wina anandifunsa sabata yatha ngati mafunso a kukumbukira ndi achabe. Ayi ndithu. Mwana amene sadziwa kuti kolera imayenda m'madzi ndi m'chakudya sangayankhe funso 5, angokhala duu. Mayeso a giredi 7 osankha yankho nawonso amafuna kuti mfundo zikhale m'mutu. Vuto ndi phunziro la mphindi 40 lothera pa "tchulani" yekhayekha, kenako mphunzitsi n'kulemba m'chikonzero kuti ana anakambirana. Komanso sikuti muyenera kukwera masitepe onse 6 motsatana tsiku lililonse. Nthawi zina yambani ndi funso 5, ana akasowa mfundo ndiye mutsike kukazitenga.

Chinthu china chaching'ono. Mary Budd Rowe, pofufuza m'makalasi a sayansi ku Amereka, anapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi akafunsa funso, ndipo akadikira masekondi 3 kapena kuposa, mayankho amatalika ndipo ana ambiri amayankha. Funso la kusanthula mukalipatsa sekondi imodzi, ayankha ndi ana awiri a kutsogolo omwe aja. M'kalasi ya ana 70, auzeni ayambe akambirana awiriawiri pa desiki, m'Chinyanja kapena chilankhulo chimene amasuka nacho, musanaloze aliyense.

Ntchito ya Lachisanu: sankhani mutu umodzi umene mukaphunzitse, lembani mafunso 8, ndipo pansi pa lililonse mulembe zinthu ziwiri, zimene ana adzakhale atamva kale ndi sitepe imene mwaliikapo. Osachepera atatu akhale a kusanthula, kuweruza kapena kupanga chatsopano. Mudzasinthana mapepala m'kalasi, ndipo mnzanu adzayesa kutsitsa funso lanu ku kukumbukira, inu mudzaliteteze.