Ntchito ya magulu a mayina: sankhani mgwirizanitsi woyenera

Fomu 2. Nthawi: mphindi 40. Malikisi onse: 24.

Werengani izi musanayambe

Dzina lililonse m'Chichewa lili ndi gulu lake, ndipo gululo ndi lomwe limalamula mgwirizanitsi amene amaphatikizidwa ku mneni, kwa mfotokozi kapena ku mawu owerengera. Taonani mneni mmodzi yemweyu m'magulu osiyanasiyana:

Mu-A: mwana anagwa, ana anagwa
Mu-Mi: mtengo unagwa, mitengo inagwa
Li-Ma: khasu linagwa, makasu anagwa
Chi-Zi: chingwe chinagwa, zingwe zinagwa
I-Zi: nyumba inagwa, nyumba zinagwa
U-Ma: uta unagwa, mauta anagwa
Ka-Ti: kamwana kanagwa, tiana tinagwa

Ophunzira ambiri amataya malikisi chifukwa chokhulupirira phatikizo loyamba la dzina. Akaona ka- kumayambiriro amathamangira gulu la Ka-Ti, akaona chu- kapena chi- amati basi ndi Chi-Zi. Phatikizolo limanama kawirikawiri. Kalulu, kalata ndi kamwana onse akuyamba ndi ka-, koma timati kalulu anathawa, kalata inafika, kamwana kanalira. Magulu atatu osiyana.

Dzina likakukayikitsani, liyeseni kawiri. Choyamba lichulukitseni: mphaka amakhala amphaka, pomwe mphasa imangokhala mphasa. Kenako liphatikizeni ndi mawu oloza: mphaka uyu, mphasa iyi, mtengo uwu. Mayeso achiwiriwa ndiwo odalirika kwambiri, chifukwa alipo mayina monga fodya ndi ufa amene sitiwachulukitsa kawirikawiri, koma khutu limadziwa kuti ndi fodya uyu, ufa uwu. Musayese ndi wanga yekha, pakuti mwana wanga, mtengo wanga ndi uta wanga onse akumveka chimodzimodzi ngakhale ali m'magulu atatu.

Gawo A: mgwirizanitsi wa mwininkhani

Lembaninso chiganizo chonse mutasankha mgwirizanitsi mmodzi mwa omwe ali m'mikutiramawu.

1. Mkango (a/u/i)nabangula usiku wonse.
2. Mphaka (i/a/u)nagona pansi pa mpando.
3. Dzino (li/i/zi)kundipweteka kuyambira dzulo.
4. Madzi (zi/a/i)natayika pakhomo.
5. Chule (chi/a/u)nalumphira m'dziwe.
6. Mfumu (a/u/i)naweruza mlandu mwachilungamo.
7. Moto (u/a/mu)nazima mvula itayamba.
8. Miyala (zi/i/a)natseka njira.
9. Kalata (ka/i/a)nalembedwa ndi pensulo.
10. Kuimba kwake (ku/u/chi)nasangalatsa alendo.

Gawo B: afotokozi ndi mawu owerengera

Afotokozi ena, monga -kulu, -tali, -fupi ndi -ng'ono, amatenga agwirizanitsi awiri motsatizana: la-li-kulu, cha-chi-kulu, za-zi-kulu. Onse awiri ayenera kuchokera m'gulu limodzi.

11. Tinakwera phiri (lalitali/yaitali/wautali).
12. Anamanga katundu ndi chingwe (wamfupi/chachifupi/yaifupi).
13. M'munda muli mitengo (ziwiri/iwiri/awiri).
14. Anagula katundu (wambiri/kambiri/yambiri).
15. Mwanayo ali ndi maso (zazikulu/aakulu/yaikulu).
16. Patebulo patsala dzira (imodzi/chimodzi/limodzi).
17. Wodwalayo anagona tulo (wabwino/tabwino/labwino).

Gawo C: mgwirizanitsi wa pamtherankhani

Apa mgwirizanitsi ali mkati mwa mneni, pakati pa phatikizo la nthawi ndi tsinde.

18. Buku lija ndina(li/i/chi)werenga lonse.
19. Mpira uja tina(mu/u/i)peza m'tchire.
20. Malaya aja ana(zi/wa/i)chapa m'mawa.
21. Galu uja musa(i/mu/u)menye.

Gawo D: mayina a malo ndi mayina ophatikiza

22. Pabwalo (li/pa/ku)li anthu ambiri.
23. M'chitsime (chi/mu/pa)nagwa mbuzi.
24. Khasu ndi nkhwangwa (li/i/zi)li m'nyumba.

Mayankho ndi zifukwa zake

Musatsegule gawo lino musanamalize.

1. Mkango unabangula. Mkango ndi nyama yamoyo, komabe zambiri zake ndi mikango, choncho uli m'gulu la Mu-Mi. Kukhala chamoyo sikuika dzina m'gulu la Mu-A. M'nthano mudzamva kuti a Mkango anakwiya, koma pamenepo nyamayo yasandutsidwa munthu.
2. Mphaka anagona.
3. Dzino likundipweteka. Zambiri zake ndi mano. Mayina ambiri a gulu la Li-Ma sasonyeza li- kumayambiriro: diso, tsamba, phiri, khasu. Mukawachulukitsa ena amasinthanso tsinde, monga phiri ndi mapiri, tsamba ndi masamba.
4. Madzi anatayika. Madzi, mafuta ndi malovu nthawi zonse amatenga a-.
5. Chule analumphira, pakuti timati achule, chule uyu.
6. Mfumu inaweruza. Dzina ili ndi lovuta pawiri. Ndi dzina la munthu koma limatenga i- ngati nyumba: mfumu yathu, mfumu iyi. Zambiri zake ndi mafumu, ndipo pamenepo timati mafumu anaweruza. Amene akufuna a- waulemu asinthe dzina lenilenilo, alembe kuti amfumu anaweruza. Wolemba mfumu anaweruza asapatsidwe malikisi, ngakhale kuti polankhula zimamveka ndithu.
7. Moto unazima.
8. Miyala inatseka. Ambiri amalemba zi- chifukwa akuganiza za zinthu zambiri. Zi- ndi wa magulu a Chi-Zi ndi I-Zi. Mayina oyamba ndi mi- amatenga i-.
9. Kalata inalembedwa.
10. Kuimba kwake kunasangalatsa. Dzina lopangidwa ndi ku- ndi tsinde la mneni limatenga ku-.
11. Lalitali.
12. Chachifupi. Mfotokozi akunena za chingwe, osati katundu.
13. Iwiri, pa chifukwa chomwe chija cha funso 8.
14. Wambiri. Katundu uyu, ngati fodya uyu.
15. Aakulu. A- awiriwo alembedwe onse.
16. Limodzi.
17. Tabwino. Tulo ndi limodzi mwa mayina ochepa amene amatenga mgwirizanitsi wa ti- popanda tanthauzo la kuchepa: tulo tambiri, tulo tatha.
18. Ndinaliwerenga. Mawu akuti lija ndi lonse akupereka kale yankho.
19. Tinaupeza. Mu- wa pamtherankhani ndi wa gulu la Mu-A, monga tinamupeza mwana. Mpira uli m'gulu la Mu-Mi.
20. Anawachapa. Pa mwininkhani malaya amatenga a-, koma pa pamtherankhani amatenga wa-, chimodzimodzi ana: anawaitana.
21. Musamumenye.
22. Pabwalo pali. Pa-, ku- kapena mu- akaphatikizidwa ku dzina, mneni amatsata iyeyo, gulu lakale la dzinalo limaiwalika. Bwalo lili, koma pabwalo pali.
23. M'chitsime munagwa mbuzi. M' ndi mu- wofupikitsidwa. Mukatembenuza chiganizo, mbuzi n'kukhala koyambirira, mgwirizanitsi amasintha: mbuzi inagwa m'chitsime.
24. Zili. Mayina awiri a zinthu akalumikizidwa ndi mlumikizi ndi, mneni amatenga zi- ngati kuti tanena kuti zinthu. Akakhala mayina a anthu timagwiritsa ntchito a-: mphunzitsi ndi mwana afika.

Kwa aphunzitsi: funso lililonse ndi malikisi amodzi, ndipo chiganizo chilembedwe chonse. Ana ambiri akalakwa mafunso 2, 5 ndi 14, bwerezani mayina a gulu la Mu-A amene alibe mu- kumayambiriro, monga galu, nyalugwe, kalulu ndi tsabola, aliyense aphatikizidwe ndi uyu mokweza mawu. Akalakwa 8 ndi 13, lembani pabolodi miyala, mipando ndi minda, ndipo aziwerenga kuyambira iwiri mpaka isanu.