Zikomo Mulungu, chimanga chacha

Taonani munda wathu chaka chino! Mapesi auma, makoko ayera, ndipo chimanga chambiri chaweramitsa kale mitu pansi. Ndasenda chimodzi m'mawa uno, njere zadzaza mpaka kunsonga, ndipo chikhadabo sichikulowanso. Loweruka likubwerali tiyamba kudula ndi kusanja mikukwe.

Ndajambula chithunzichi mtima uli wodzaza ndi kuthokoza, chifukwa mu Febuluwale panalibe amene akanakhulupirira kuti munda uno udzaoneka chonchi. Ng'amba inagwa pomwe chimanga chinkatulutsa ngayaye ndi ndevu, nthawi imene chimafuna madzi koposa. Dzuwa likafika pamutu masamba ankapotana ngati a anyezi, ife n'kumangoyang'ana kumwamba. Mlimi aliyense amadziwa kuti ndevu zikauma mungu usanagwerepo, udzakolola zitsononkho za njere imodziimodzi. Mvula inabwera usiku, yamvumbi, yolowa pansi bwinobwino. Imeneyo si nzeru yathu ayi. Ambuye, mwatichitira chifundo.

Komabe pali anthu amene sindingawasiye. Amayi anga, zikomo kwambiri. Ndinu amene munaumirira kuti tithire manyowa ndi kusiya mapesi a chaka chatha m'munda osawaotcha. Mbali imene tinaphimbira ndi imene inasunga chinyontho dzuwa litaopsa, ndipo pachithunzipa ndi kumanzereko, kumene chimanga chake n'chonenepa kwambiri. Alangizi athu a zaulimi, zikomo potilimbikitsa kubzala njere imodzi paphando, mapando otalikirana masentimita 25 ndi mizere masentimita 75. Ena ankati tikuwononga malo, koma lero phesi lililonse lili ndi mwana wake wamkulu.

Mbozi zija nazo sizinatisiye. Chifikireni mu Africa muno m'chaka cha 2016, palibenso mlimi wa chimanga amene amagona tulo tofa nato. Ana anga ankalawirira nane kukasuzumira m'misonga, kuphwanya mazira ndi kutola mbozi zisanakule. Ana inu, thukuta lanu ndi ili, ndakunyadirani.

Ndikuthokozanso aneba amene munabwera ndi makasu anu kudzatithandiza kupalira ndi kubandira pamene bambo a kunyumba anali chigonere. Simunafunse malipiro. Tsiku lokolola kwanu mutiitane, tidzabwera banja lonse.

Ndikudziwa kuti si onse amene minda yawo yachita bwino. Ena madzi anakokolola, ena kaufiti anawalanda. Sindikuika chithunzichi modzitama, abale anga, ndipo amene mwaperewera musachite manyazi kugogoda pakhomo pathu.

Ntchito ikadalipo. Tiyenera kuchichotsa msanga chiswe chisanagwetse mapesi, tichiumitse bwino pamphasa kuti chisachite chuku, kenako tichitong'ole ndi kuchiteteza kwa anankafumbwe. Amene muli ndi mpata Loweruka, bwerani ndi zikwanje zanu, tiyamba mame asanaume.